Zotsala za paukwati ndi pamaliro: poto wamkulu asagone ndi chakudya

Vuto la zakudya zotsala pa zochitika lili pakati pa poto. Sefuliya ya nyemba ya malita 40 kapena 50 ija mukaiphula pamoto 12 koloko masana n'kuivindikira, pamwamba ndi m'mbali zizizira ndithu koma pakatikati pamakhalabe pofunda mpaka usiku, nthawi zina mpaka kucha, ndipo kufunda kumeneko, koti si kotentha komanso si kozizira, n'kumene tizilombo totsegula m'mimba timakukonda. Anthu a zaumoyo amati kuyambira madigiri 5 kufika madigiri 60 ndi pomwe tizilomboti timaswana, ndiye chakudya chimayenera kukhala pamwamba pa 60 kapena pansi pa 5, pakatipa chingodutsapo mothamanga basi.

Ambiri amati "iii koma zinapsatu bwinobwino, zinawira maola angati zimenezi". Zoona zinawira, koma pali tizilombo tina timene timapezeka m'dothi, pa nyemba, pa mpunga ndi pa nyama, timakhala titadzitsekera kale m'kachikhokho kolimba ndipo kuwira sikutipha. Moto ukazima chakudya n'kuyamba kufunda, timatuluka n'kuyamba kuswana, kamodzi kamakhala tiwiri pa mphindi 20 zilizonse kapena mofulumira kuposa pamenepo. Mukawerengera, kamodzi komweko pakatha maola 7 kabala topitirira 2 miliyoni, ndipo nyembazo sizinasase, sizikununkha, zikuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake mawa lake mumangomva kuti banja lonse la akuchimuna lagona likupikisana kuchimbudzi, kenako anthu amayamba kulozana zala kuti wina anathira tameki, kapena kuti amayi akutiakuti ophika aja ali ndi mtima woipa, chonsecho ndi poto amene anagona wovindikira kukhitchini. Izi zimandipweteka chifukwa mabanja amadana zenizeni pa nkhani yoti ikanapeweka ndi mabeseni anayi okha.

Muyezo woti muugwire ndi uwu: chakudya chikachoka pamoto, pasanathe maola awiri chikhale chatsika kufika pa madigiri 21, kutanthauza kuti mukagwira pansi pa beseni simukumva kufunda kulikonse, kenako pa maola ena anayi chikhale chafika pa 5, kuzizira kwa mufiliji. Maola oyamba awiriwo ndi amene ali ofunika kwambiri chifukwa m'menemo ndi momwe tizilomboti timaswana mothamanga.

Tiyeni titenge ukwati umodzi tiuyendere kuyambira m'mawa. Tinene kuti ndi Loweruka mu Okotobala ku Machinjiri, dzuwa lija loswa mtengo, amayi anayamba kuphika 4 koloko m'mawa, akwati abwera kuchokera kutchalitchi, anthu adya cha m'ma 12, pofika 1 koloko aliyense akuthamangira kuholo ku perekaniperekani. Zatsala ndi nyemba pafupifupi malita 20 m'sefuliya, mpunga theka la poto wamkulu, nyama ya ng'ombe ya msuzi malita 10, nkhuku yokazinga beseni limodzi, saladi wa kabichi wothira mayonezi, ndi mitanda ya nsima yodzaza mafudiwoma atatu. Zimene zimachitika nthawi zambiri n'zoti amayi amangovindikira zonse, kukokera m'nyumba kuopa agalu ndi ana, kukhoma chitseko, kukasamba n'kupita kukafupa. Akamabwerako 6 koloko kapena 7 madzulo ali otopa, mapotowo akhala maola 6 ali ofunda ndipo zawonongeka kale ngakhale mutaziika mufiliji nthawi imeneyo. Pamaliro n'chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa holo ndi kumanda, kapena thupi lanyamuka kupita kumudzi ku Thyolo kaya ku Chiradzulu ndipo pakhomo patsala anthu ochepa oti alibenso mphamvu zoganiza za mapoto.

Ndiye sitepe yoyamba imachitika chakudya chisanaphikidwe n'komwe. Pa komiti ya zakudya sankhani anthu atatu amene ntchito yawo ndi zotsala, oti anzawo akamapita kuholo kapena kumanda iwo atsalira ola limodzi ndi theka. Muwauziretu, musawadzidzimutse tsiku lomwelo chifukwa palibe amene amafuna kuphonya keke. Anthu amenewa dzulo lake asonkhanitse mabeseni otambalala oyera, mathireyi, makontena okhala ndi zivindikiro, bafa lalikulu limodzi kapena awiri, zipande ndi zikombe zoyera zimene sizigwiritsidwa ntchito pogawa, sopo, komanso afunsiretu kwa aneba kuti ndani ali ndi malo mufiliji. Kwa amene amagulitsa mafilizesi kapena nsomba ndiye kuli difiriza yaikulu, apempheni malo komanso akuumitsireni mabotolo a madzi a malita awiri okwana 8 kapena 10, ndipo ngati kumene mumakhala kumapezeka ayisi buloko muodetu. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyama imene mukuiteteza.

Pogawa chakudya napo pali kanthu kamene kamathandiza kwambiri. Musamatenge sefuliya yonse kukaiika pamzere pomwe anthu akudutsa ndi mbale, muzipungulira m'mapoto ang'onoang'ono n'kumawonjezera akatha, sefuliyayo izikhalabe pamafuwa ndi moto wochepa. Mukatero zotsala zanu zimakhala zoti sizinakhudzidwe ndi munthu komanso zikadali zotentha, ndipo wotchi ya maola awiri ija imayamba pomwe mwaziphula, osati pomwe anthu anayamba kudya.

Anthu akangomaliza kudya yang'anani nthawi pafoni, sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo, kenako patulani zoti zisungidwe ndi zoti zisasungidwe. Zotsala m'mbale za anthu sizibwerera mupoto, ngakhale nthuli itaoneka yosakhudza, zimenezo ndi za agalu kapena nkhumba. Saladi wa mayonezi amene wakhala pa dzuwa la Okotobala kuyambira 11 koloko musavutike naye, adyedwe pompo kapena atayidwe, saladi sitimutenthetsanso ndiye palibe pomwe tingamukonzere. Masamba otendera nawonso sachedwa kusasa, agaweni nthawi yomweyo. Chilichonse chimene chakhala pamzere chosatentha kupitirira maola awiri sichoyenera kusunga, ndipo tsiku lotentha kwambiri, madigiri 32 kupita m'mwamba, muwerenge ola limodzi lokha. Nkhuku yokazinga imene yagawidwa ndi manja ndi yoti muikayikire kwambiri, chifukwa pakhungu la munthu, m'mphuno ndi pa tizilonda ta m'zala pamakhala tizilombo tina timene tikaswana pachakudya timasiya poizoni woti ngakhale mutakazinganso sachoka.

Tsopano ntchito yeniyeni, kuphwanya poto. Nyemba zija malita 20 zisazizirire m'sefuliya momwe zinapsera, chifukwa sefuliyayo payokha yasunga moto komanso nyembazo zazama kwambiri. Zithireni m'mabeseni otambalala ndipo kuzama kwake kusapitirire masentimita 5, ndiko kuti zala zitatu zogundana. Beseni loti kukamwa kwake ndi masentimita 40 ndipo pansi pake ndi potambalala limalowa malita pafupifupi 6 mukathira mozama chonchi, ndiye nyemba zathuzi zikufuna mabeseni anayi, nyama ya msuzi awiri. Ndikudziwa kuti zimaoneka ngati kuchulutsa zotsuka, ndipo pamakhala wina wonena kuti "ingodzazani limodzi lomweli, lilipo lalikulu", musamumvere ameneyo. Kutentha kumatulukira pamwamba ndi pansi, ndiye chakudya chikazama kawiri nthawi yozizira sikuti imangowonjezeka kawiri, imapitirira pamenepo kwambiri. Mabeseni achitsulo ndi abwino kuposa apulasitiki chifukwa chitsulo chimataya kutentha msanga, ndipo musagwiritse ntchito beseni lochapira kapena limene munatsukiramo nkhuku zosaphika m'mawa pokhapokha litatsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha.

Musavindikire. Apa ndi pomwe ambiri timasemphana, chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti chakudya chizikhala chovindikira, koma chivindikiro chimabweza nthunzi ndipo nthunziyo ndi imene imachotsa kutentha. Kuopa ntchentche phimbani ndi lichero loyera, sefa, kapena kansalu kopyapyala kochapa bwino kosakhudza chakudyacho, muike mabeseniwo pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa tebulo osati pansi pomwe anthu akudutsa ndi fumbi. Musawasanjikize. Ngati magetsi alipo ndipo pali fani, ilozetseni komweko. Muzitakasa ndi chipande choyera pakapita mphindi 10 zilizonse kuti zapakati zibwere kunja, muona nthunzi ikutulukanso nthawi iliyonse mukatakasa, ikasiya kutuluka ndiye kuti mwayandikira.

Mu Juni kapena Julayi, chiperoni chikuwomba, kuyala ndi kutakasa kokhako kumatha kukwanira pa nyemba. Koma mu Okotobala ndi Novembala mpweya weniweniwo umakhala wotentha kuposa madigiri 21 amene tikufunawo, ndiye mpweya wokha sungakufikitseni, pakufunika madzi ozizira. Thirani madzi m'bafa lalikulu, ponyanimo ayisi kapena mabotolo ouma aja, kenako khazikani beseni la nyemba m'madzimo kuti madzi afike mulingo wa chakudya koma asalowe mkati, n'kumatakasa. Madzi akafunda atayeni muthire ena. Pa msuzi wa nyama pali njira ina yachangu, tengani botolo louma lotseka bwino, chotsani pepala lomatidwa pabotolopo, litsukeni kunja ndi sopo, dikirani msuziwo usiye kubwata ndi kuotcha kwambiri kuti pulasitiki asafewe, n'kuliviika mumsuzimo mukuliyendetsa ngati mthiko. Botolo limodzi likasungunuka sinthani lina. Ngati ayisi palibiretu, madzi apampopi omwewo amathandizabe bola muzisintha pafupipafupi, amatsitsa kutentha kwakukulu kuja mwachangu kuposa mpweya. Chimene muyenera kusamala ndi madzi a m'bafamo kuti asadonthere m'chakudya, makamaka ngati ndi a pachitsime kapena ogula m'zigubu osadziwa komwe achokera. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inavutira muno mu Blantyre, ndiye madzi otsukira mabeseni ndi zipande akhale othira kolorini kapena owiritsa.

Nyama ya msuzi ipatuleni, nthuli pazokha msuzi pawokha. Nthuli zikuluzikulu ndi mafupa zimasunga moto mkati, ndiye zikhale zoyala mzere umodzi pathireyi, zazikulu muzidule pakati. Mafuta amene amayandama pamwamba pa msuzi awauleni ndi chikombe chifukwa amatseka pamwamba ndipo nthunzi imalephera kutuluka. Nkhuku yokazinga imene sinafike pamzere iyaleni chimodzimodzi, osaunjika m'ndowa yotseka monga timachitira ponyamula, m'ndowamo imachita thukuta ndipo pansi pamakhala pofunda mpaka usiku.

Mpunga ndiye ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa anthu saukayikira, amaopa nyama ndi nsomba koma mpunga amati ndi wouma sungavute. Mpunga nawo ndi woopsa kwambiri. Tizilombo ta mumpunga tikaswana timasiya poizoni amene sapsa ndi moto, ndiye mpunga umene wagona wofunda mupoto kapena mufudiwoma, ngakhale mawa mutaukazinga ndi anyezi ndi tomato mpaka kutentha kuti juu, poizoniyo amakhala alimobe ndipo odyawo amayamba kusanza pasanathe maola ochepa. Nyemba ndi nyama mukaziwiritsanso bwino mumachepetsa ngozi kwambiri, koma mpunga mwayi wachiwiri mulibe, umapulumuka pa kuziziritsa pokha. Uchotseni mupoto nthawi yomweyo, muumwaze pamathireyi mopyapyala, masentimita awiri kapena atatu basi, muuphwanye zibuma ndi foloko kapena chipande, ndipo ukhale woyamba kulowa mufiliji, ngati n'kotheka pasanathe ola limodzi. Mu chitsanzo chathu chija theka la poto wamkulu lingafune mathireyi asanu kapena kuposa, ndiye ngati mulibe okwanira chitani mosinthana, woyamba ukazizira muulongeze m'makontena thireyiyo ilandire wina, mpunga woyala chonchi suchedwa kuzizira. Wotsala pansi wopserera uja ausiye, musaukokotere pamodzi ndi wabwino.

Nsima nayo ichoke mufudiwoma. Fudiwoma ntchito yake ndi kusunga kutentha kwa maola ochepa kuti anthu adye, ikapitirira pamenepo imangosunga kufunda koipa kuja ndipo mitanda imachita thukuta n'kuyamba kunanda. Yalani mitanda payokhapayokha palichero kapena pathireyi iume thukuta, ikazizira ilowe mufiliji ngati malo alipo. Mkute tonse tinakulira, koma mkute wa banja limodzi wa mitanda itatu m'mbale ndi wosiyana ndi mitanda 60 yopanikizana m'chidebe chotseka. Woti mudye m'mawa muutenthetse mpaka mkati, kaya pouotcha pamakala kaya pouphikanso, ndipo ukakhala woterera kunja kapena ukutuluka timaulusi mukaunyema, utayeni.

Ngati atatu aja ayamba 1 koloko, pofika hafu pasiti 2 zonse zikhala zazizira zoti mukhoza kulongeza. Apa ndiye muvindikire tsopano. Ikani m'makontena ang'onoang'ono oti banja limodzi lidye kamodzi n'kumaliza, kapena m'majumbo oyera a zakudya muwaphwatalitse kuti akhale opyapyala, amazizira msanga komanso amasanjika bwino mudifiriza. Lembani tsiku ndi dzina la chakudya pa kapepala kapena ndi maka, chifukwa pakapita masiku palibe amene amakumbukira kuti kontena iyi ndi ya ukwati kapena ya chinkhoswe cha sabata yatha.

Filiji yapanyumba musaiyese ngati ingathe zonse. Siinapangidwe kuti ilandire malita 30 a chakudya nthawi imodzi, mukaidzaza thothotho mpweya wozizira umasowa podutsa, injini imangolira osapuma ndipo mkaka ndi zina zimene zinalimo kale zimafunda nazo. Ndi chifukwa chake tinapempheratu malo kwa aneba, makontena anayi kuno, asanu uko, ndipo pakati pa makontena pazikhala mpata wolowa chala. Kulowetsa sefuliya yathunthu mutachotsa mashelefu ndiye kulakwitsa kwenikweni, kunja kuzizira koma pakati m'mawa mupeza pakadali pofunda, mwina pakuchita thovu. Komanso musachite kudikira kuti chakudya chizizire kuti zii musanachilowetse, chikasiya nthunzi ndipo beseni likugwirika bwinobwino pansi chilowe, kuchisiya panja mpaka madzulo poopa kuwononga filiji n'kumene kumawononga chakudya. Ngati mufilijimo muli nyama yosaphika imene yatsala, ikhale pansi penipeni m'mbale yoti magazi asadonthe, zophika zikhale pamwamba.

Zoti mudya mawa ndi mkuja zikhale mufiliji, zina zonse mudifiriza tsiku lomwelo. Nyemba, nyama ndi nkhuku mufiliji yozizira bwino zimakhala masiku atatu, mukakakamiza anayi, mpunga udyedwe tsiku lotsatira basi. Mudifiriza zimakhala miyezi iwiri kapena itatu zisanayambe kutha kukoma. Musadikire kuti nyama ikhale masiku atatu mufiliji kenako n'kumati tiyeni tiumitse, kuumitsa sikupha tizilombo, kumangotigoneka.

Magetsi akathima, lamulo ndi kusatsegula. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, difiriza yodzaza imatha masiku awiri, ya theka tsiku limodzi, koma pakhomo pa zochitika pamakhala anthu ambiri ndipo aliyense amafuna madzi ozizira, ndiye chotsanimo zakumwa muziike mukulaboksi, filijiyo muimange ndi nsalu kapena muike mpando kutsogolo kuti anthu adziwe. Mabotolo ouma otsala aja aikeni pashelefu yapamwamba. Ngati magetsi athima musanalowetse n'komwe chakudya, filijiyo musaiwerengere, ilibe mphamvu yoziziritsa chinthu chatsopano, bola kulaboksi yokhala ndi ayisi wambiri pansi ndi pamwamba pa makontena. Ndipo akathima usiku wonse m'mawa n'kupeza makontena a mufiliji sakuzizira mukawagwira, mpunga ndi nkhuku zitayeni ndithu, zokayikitsa zina nazonso zisapite kwa munthu.

Nanga kumene kulibe filiji, kapena malo apezeka ochepa? Izi ndi zimene zimachitika pamaliro ambiri ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilobwe ndi madera ena, chifukwa maliro sakonzekeredwa ndipo palibe anaumitsa mabotolo dzulo lake. Pamenepo njira ndi ziwiri zokha, kugawa kapena kusunga pamoto. Kugawa ndi kwabwino kuposa zonse bola kuchitike msanga, chakudya chikadali chotentha, osati 8 koloko usiku. Amayi amene athandiza kuphika, adzukulu, aneba, a kwaya, aliyense atenge koti akadye madzulo omwewo, ndipo muwauze mosabisa kuti mpungawu usagone. Ndimaona anthu akuumira zotsala kuti zithandize anamfedwa masiku akubwerawa, mtima wake ndi wabwino, koma chimene chingawathandize ndi ufa, nyemba zouma, mafuta ndi makala, osati sefuliya ya zophika imene alibe poisunga. Apa wapampando wa zakudya alankhule ndi eni mbumba mwaulemu, "amalume, ufa ndi nyemba zosaphika tasunga m'nyumba, koma zophikazi tiloleni tigawe pano zisanawonongeke", ambiri amamvetsa.

Kusunga pamoto kumatheka pamaliro chifukwa pasiwa moto sumazima usiku wonse ndipo anthu amakhala ali maso. Nyemba kapena nyama ya msuzi ikhale pamafuwa kapena pambaula ndi moto wochepa woti izingobwata pang'onopang'ono, ikutuluka nthunzi nthawi zonse ndipo ukalawa ikuotcha lilime, wina aziitakasa kufika pansi ndi kuthiramo madzi otentha ikamauma. Apa ndiye chivindikiro chikhalepo. Chovuta ndi choti wosonkhezera moto akagona 1 koloko moto n'kuzima, poto uja amalowa m'kufunda kuja mpaka 6 koloko, ndiye pakhale anthu awiri osinthana amene akudziwa kuti ntchito yawo ndi imeneyo. Chizolowezi chathu chowiritsa ndiwo usiku n'kuzisiya osazigwira mpaka m'mawa musachidalire, makamaka pa sefuliya yaikulu nthawi yotentha. Nyama mukhozanso kuitsanula msuzi n'kuikazinga mpaka iume ndi mchere wokwanira, imalimbako kufika m'mawa kuposa ya msuzi, koma idyedwe m'mawa momwemo itatenthetsedwanso. Mpunga wopanda filiji ulibe njira, udyedwe kapena upite ku ziweto.

Amene akunyamula chakudya kupita nacho kumudzi pagalimoto ya maliro, kapena achibale ochokera ku Lilongwe amene mwawapakulira kuti akadye kunyumba, awerengere maola a panjira. Kontena yofunda m'buti ya galimoto kapena pamiyendo m'basi kwa maola anayi kapena asanu yadutsa kale muyezo. Apatseni zozizira kale zili mukulaboksi ndi botolo louma, apo ayi apatseni zinthu ngati mandasi, keke ndi zakumwa.

Potenthetsa mawa lake tengani zokhazo zimene zidyedwe, zina zisatuluke mufiliji. Nyemba ndi msuzi zibwate kwenikweni, osati kungofunda, muzitakasa kuti zibwate paliponse kwa mphindi zingapo, amene ali ndi choyezera kutentha aone kuti pakati pafika madigiri 75. Nthuli yaikulu muidule muone ngati mkati mukutuluka nthunzi. Mpunga wochokera mufiliji uwazeni timadzi, vindikirani mpaka utenthe wonse. Ngati pakhomo pakadali alendo ambiri ndipo mukutenthetsa zochuluka, bola mapoto awiri apakatikati pamoto wamphamvu kusiyana ndi kubwezera zonse m'sefuliya imodzi imene itenge ola kuti pakati patenthe. Kutenthetsa ndi kamodzi kokha, zotsala pa ulendo wachiwiriwu sizibwereranso mufiliji, ndipo musasakanize nyemba zadzulo ndi zimene mwaphika lero kuti zichuluke. Zochokera mudifiriza zisungunukire mufiliji usiku, kapena zipite pamoto zili zouma chomwecho ndi timadzi pang'ono, osaziika padzuwa pakhonde.

Thovu pamwamba pa nyemba zozizira, kafungo kowawasa, msuzi wonanda, chivindikiro cha kontena chotukuka, zonsezi ndi zoti mutaye osalawa. Koma kusakhalapo kwa zizindikirozi sikutanthauza kuti zili bwino, tizilombo timene timasasitsa chakudya ndi tina, timene timadwalitsa ndi tinanso ndipo sitimveka fungo. Funso lofunsa ndi loti chakudyachi chinakhala maola angati chili chofunda, ngati palibe amene akudziwa kapena yankho likupitirira maola anayi, chisapite kwa munthu, makamaka ana aang'ono, amayi oyembekezera, agogo ndi odwala.

Zikachitika kuti anthu adwala, nthawi imene ayambira imakuuzani kumene kwachokera vuto. Kusanza kwambiri pakati pa theka la ola ndi maola 6 chidyereni nthawi zambiri ndi mpunga kapena zogwiridwa ndi manja monga nkhuku ndi saladi. Kupotokola ndi kutsegula m'mimba koyamba patapita maola 8 mpaka 16, kopanda kusanza kwenikweni, kawirikawiri ndi nyemba kapena nyama ya msuzi imene inazizira mochedwa, ndipo kumatha pakapita tsiku limodzi. Imbirani mafoni onse amene munawagawira kuti asadye zotsalazo, musachite manyazi. Odwalawo azimwa Thanzi pafupipafupi wosungunula m'madzi abwino, mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Koma ngati wina akutsegula madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga, kapena muli magazi, akutentha thupi kwambiri, maso alowa mkati, sakukodza, akusanza chilichonse chimene wamwa, kapena ndi mwana wamng'ono kaya munthu wachikulire amene wafooka, musadikire kuche, mutengereni kuchipatala chapafupi akumwa Thanzi panjira, ndipo mukawauze adokotala zimene anadya, nthawi imene anadya komanso kuti adwala anthu angati.